Ochonga agwirizana, koma malikisi apita kwa mwana wina: kuyesa mlozo wochongera musanaukhulupirire

Vutoli limabwera teremu iliyonse yomwe ana apereka mapulojekiti. Aphunzitsi amakhala pansi, nalemba mlozo wochongera, uja ena amati rubiriki, wokhala ndi magawo ake ndi malikisi a gawo lililonse. Amachonga mokhulupirika, mzere ndi mzere. Kenako akaika malikisi onse pamodzi amaona kuti mwana amene anagwiradi ntchito ali pansi, ndipo pamwamba pali pepala lokongola lomwe mkati mwake mulibe kanthu. Palibe amene anakondera. Mlozowo ndiwo unayeza chinthu china, osati chimene unalonjeza.

Kuno ku Harare nkhaniyi inakula kuyambira 2021, pamene ntchito za CALA, zomwe ana ankachita m'kati mwa chaka n'kuchongedwa ndi aphunzitsi awo, zinayamba kuwerengedwa pa malikisi a mayeso a bungwe la ZIMSEC, zikutenga 30 pa 100 alionse. CALA inachotsedwa pamene maphunziro anasinthidwa mu 2024, ndipo m'malo mwake munalowa mapulojekiti a pasukulu, koma wochonga akadali mphunzitsi yemweyo, ndipo milozo yambiri yomwe timagwiritsa ntchito m'kalasi tsiku ndi tsiku timalemba tokha. Zimene ndikufotokoza pano ndi za milozo yolemba tokhayi. Mlozo umene wachokera ku bungwe la mayeso sitiusintha, ngakhale kuti kuuyesa motere kumathandiza kuti tonse tiumve mofanana.

Pali mafunso awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba: kodi ochonga awiri akapatsidwa pepala limodzi apereka malikisi ofanana? Lachiwiri: kodi malikisiwo akunena za luso limene tinati tikuyeza? Aphunzitsi ambiri akayankha loyamba amapuma, poganiza kuti lachiwiri layankhidwanso. Si choncho. Sikelo ya pamsika wa Mbare ikhoza kukhala yokhota, ogulitsa atatu n'kuiwerenga mofanana ndithu, wogula n'kupita kwawo ndi nyemba zosakwana.

Chitsanzo chomwe titsatire

Tiyerekeze ndi pulojekiti ya Fomu 3. Ana auzidwa kuti afufuze vuto la madzi m'dera lomwe amakhala ndi kupereka njira yolichepetsera. Ku Mabvuku, Tafara kapena Epworth, mwana safunika kuuzidwa kuti mzere wa pamjigo ndi chiyani, choncho ntchitoyi ndi yoyenera. Mlozo uli ndi magawo asanu, lililonse malikisi 4, onse pamodzi 20: kufotokoza vuto, kusonkhanitsa umboni, kusanthula umboniwo, njira yothetsera vuto, ndi kaonekedwe ka ntchito.

Musanachonge pepala ngakhale limodzi, lembani m'chiganizo chimodzi chimene mlozowu ukuti ukuyeza. Chathu chikhale ichi: mwana akutha kufufuza vuto lenileni la kwawo ndi kupereka yankho lochokera pa zimene wapeza. Chiganizochi chiikeni patebulo pomwe aliyense akuchiona. Chimaoneka chaching'ono, koma mkangano uliwonse wobwera pambuyo pake umathera pa icho. Ngati aphunzitsi atatu alephera kugwirizana pa chiganizo chimodzichi, musapitirire, chifukwa vuto lili m'mitu yanu, silinafike n'komwe papepala.

Kusankha mapepala oyesera

Apa ndi pomwe kuyesa kwambiri kumafera. Anthu amatenga mapepala asanu a pamwamba pa mulu, kapena a ana odziwika kuti ndi anzeru, mlozo n'kuoneka ngati ukuyenda bwino. Pepala la mwana amene ali bwino pa chilichonse silikuuzani kanthu, chifukwa mlozo wabwino ndi woipa yemwe amalipatsa malikisi okwera. Limodzimodzinso pepala la mwana amene walephera pa chilichonse.

Tengani mapepala 12, makamaka a chaka chatha kapena a kalasi ina, kuti malikisi oyeserawa asakhudze mwana aliyense. Asanu ndi atatu akhale osakaniza, amphamvu, apakati ndi ofooka. Anayi otsalawo muwasankhe dala kuti avutitse mlozo: lina la Chingerezi chosalala koma lopanda kafukufuku, lina la Chingerezi chothyokathyoka koma lokhala ndi kafukufuku weniweni, lina lalitali lobwerezabwereza, ndi lina lalifupi lolunjika. Phimbani mayina, lembani manambala, ndipo aliyense wochonga akhale ndi kope lake lopanda cholembera chofiira cha munthu wina.

Ndiye, mlozo usanatuluke m'chikwama, pemphani mphunzitsi wodziwa bwino phunzirolo kuti awerenge mapepalawo atagwira chiganizo chija chokha, awagawe milu itatu: amene afufuzadi, apakati, ndi amene sanafufuze. Alembe mzere umodzi wa chifukwa chake pa pepala lililonse, abise. Maganizo akewa si chilungamo chomaliza, nayenso akhoza kuphonya. Ntchito yawo ndi kukupatsani chinthu china chofanizira nacho chomwe sichinachokere mu mlozo. Popanda icho, mlozo umadzichitira wokha umboni.

Kenako anthu atatu achonge, aliyense payekha, osafunsana. Alembe malikisi a gawo lililonse, osati ophatikiza okha, ndipo adule mzere pansi pa mawu a mwana amene awachititsa kupereka malikisiwo. Pomwe wakayika, wochonga aike chizindikiro cha funso. Zizindikiro zimenezi musazitaye. Wochonga akhoza kufika pa malikisi ofanana ndi a mnzake mwamwayi, koma kukayika kwake kumaloza mawu a mlozo amene ali ndi vuto.

Ochonga akasiyana pa gawo limodzi

Ichi ndi chizindikiro chosavuta kuchiona komanso kuchikonza. Ikani malikisi a gawo limodzi m'mizere yoyandikana, muwerenge mapepala amene ochonga awiri apereka nambala yofanana ndendende. Ngati muli ndi Excel, malikisi a wochonga woyamba ali mu B ndipo a wachiwiri mu C, lembani:

```
=SUMPRODUCT(--(B2:B13=C2:C13))
```

M'chitsanzo chathu, tinene kuti pa gawo la kusanthula ochonga awiri afanana pa mapepala 5 mwa 12, pomwe pa magawo ena afanana pa 9 kapena 10. Mukabwerera ku mlozo mupeza kuti milingo ya gawoli inalembedwa motere: 4 ndi kusanthula bwino kwambiri, 3 ndi kusanthula bwino, 2 ndi kusanthula pang'ono. Mawu otere sanena chimene chili papepala. Amangouza wochonga kuti apereke nambala imene mtima wake wafuna kale. Mankhwala ake ndi kulemba chimene diso lingaone. Mulingo 2 ukhale wa mwana amene wabwereza zimene wapeza osanena tanthauzo lake. Mulingo 3 ukhale wa amene wanena chifukwa chimodzi chochokera mu umboni wake. Mulingo 4 ukhale wa amene wafanizira zinthu ziwiri zomwe wapeza, kapena wanena pomwe umboni wake ukuperewera.

Chenjerani ndi chitonthozo chakuti "tangosiyana ndi likisi limodzi basi". Ngati ochonga akugwiritsa ntchito milingo inayi, 1 mpaka 4, anthu awiri ongolotera manambala osawerenga n'komwe akhoza kufanana ndendende kamodzi pa kanayi, ndipo akhoza kuyandikana mosapitirira likisi limodzi ka 10 pa ka 16. Kuyandikana pa mlozo wa milingo yochepa ndi kotsika mtengo. Komanso ngati aliyense akungopereka 3 pa pepala lililonse, mudzafanana kwambiri pomwe gawolo silikusiyanitsa mwana aliyense ndi mnzake. Pali kawerengedwe kotchedwa kapa, komwe Jacob Cohen anafalitsa mu 1960, kochotsa kugwirizana kwa mwamwayi kotereku. Pa mapepala 12 ine sindivutika nako, chifukwa pepala limodzi lokha limasuntha nambalayo kwambiri. Ndi bwino kungoyang'ana ngati milingo yonse yagwiritsidwa ntchito.

Ochonga akagwirizana koma pepala lolakwika n'kupambana

Ili ndiye vuto lenileni, ndipo silidziulula lokha, chifukwa m'chipinda mumakhala mtendere. Tsegulani milu itatu ija muifanizire ndi malikisi.

Pepala 4 ndi lotayipidwa, lili ndi chikuto cha pulasitiki ndi zithunzi zamitundu. Likufotokoza kolera m'Chingerezi chabwino, likutchula mliri wa 2008 ndi wa 2018 umene unavuta ku Glen View ndi Budiriro, ndipo likumaliza ndi kunena kuti anthu aziwiritsa madzi. Zonsezo ndi zoona. Koma mulibe chilichonse chimene mwanayo anapita kukaona kapena kufunsa, ndipo dzina la dera lake mukhoza kulisintha n'kuika lina popanda chiganizo china kugwedezeka. Pepala 9 ndi lolemba pamanja, ziganizo zake zikupunthwa, mawu ena a Chishona ndi a Chichewa alowerera pomwe Chingerezi chinamuthera. Koma mwanayu anaima pamjigo m'mawa ndi madzulo, anawerenga zigubu zomwe zinali pamzere, anafunsa mabanja khumi nthawi imene amataya podikira, anapeza kuti mzere umatalika kwambiri ana asanapite kusukulu, ndipo anapereka maganizo a kagawidwe ka nthawi yotungira.

Mphunzitsi wodziwa uja anaika pepala 9 pa mulu wapamwamba, pepala 4 pa mulu wapansi. Mlozo wanena zosiyana, ndipo ochonga onse atatu agwirizana nawo:

Pepala 4: vuto 4, umboni 3, kusanthula 3, yankho 3, kaonekedwe 4. Onse pamodzi 17.

Pepala 9: vuto 2, umboni 3, kusanthula 2, yankho 2, kaonekedwe 2. Onse pamodzi 11.

Musathamangire kunena kuti ochonga alakwitsa. Yang'anani mizere imene anadula, mufunse gawo ndi gawo kuti mlozo unawauza chiyani. Pa kufotokoza vuto, mulingo 4 umati "vuto lafotokozedwa momveka bwino". Kumveka bwino ndi nkhani ya chilankhulo, choncho Chingerezi chalandira malikisi pano. Pa umboni, mlozo umati mwana atchule magwero atatu kapena kuposa. Pepala 4 latchula masamba atatu a pa intaneti, pepala 9 lili ndi kuwerenga kwake, mafunso ake ndi buku la m'kalasi, ndiye onse apeza 3. Kuwerenga magwero kumachititsa ochonga kugwirizana msanga, n'chifukwa chake timakukonda, koma sikusiyanitsa wofufuza ndi wokopera. Pa yankho, mlozo umangoti likhale lotheka, osafunsa ngati lachokera mu zimene mwana wapeza. Pa kaonekedwe, malikisi 4 onse apita kwa amene kwawo anali ndi ndalama yotayipitsa ndi kusindikiza.

Mukaphatikiza muona kuti Chingerezi ndi ukhondo wa pepala zalipidwa kangapo pansi pa mayina osiyana, pomwe chinthu chimene chiganizo chathu chinalonjeza, kufufuza vuto la kwanu, chilibe gawo lomwe likuchifunsa mwachindunji. Akatswiri a mayeso, motsatira zimene Samuel Messick analemba mu 1989, amati mayeso amalephera m'njira ziwiri zimenezi: kulowetsa zinthu zosakhudzana ndi luso loyezedwa, ndi kusiya kunja mbali ya lusolo. Mlozo wathu wachita zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo nthawi zambiri zimayendera limodzi choncho, chifukwa malo amene luso lenileni lasiya amadzazidwa ndi chimene chili chosavuta kuona.

Nthawi zina mnzanu amakana. "Koma aphunzitsi, mwana amene akulemba bwino ndiye kuti akuganizanso bwino," amatero, ndipo si mawu opusa, chifukwa kawirikawiri ziwirizi zimapezekadi mwa mwana mmodzi. Musakangane naye, yesani. Tengani pepala 9, mulitayipe, mukonze galamala ndi kalembedwe ka mawu, koma musawonjezere kapena kuchotsa mfundo ngakhale imodzi. Lipatseni nambala yatsopano, mulisakanize ndi ena, mulipereke kwa wochonga amene sanalione. Gawo la kaonekedwe liyenera kukwera, palibe chodabwitsa. Koma ngati kusanthula kwakwera kuchoka pa 2 kufika pa 3, ndi yankho chimodzimodzi, pomwe mfundo ndi zomwezo, mwagwira mlozo ukuchonga chilankhulo m'magawo amene amati ndi a kuganiza. Mwa njira zonse zimene ndikudziwa, iyi ndi imene imathetsa mkangano msanga, ndipo imadya ola limodzi lokha la munthu wotayipa.

Nkhani ya chilankhuloyi ndi yolemera kwa ana athu. Mwana wa banja lochokera ku Malawi kapena ku Zambia amamva Chichewa kwa agogo, amasewera m'Chishona, nalemba m'Chingerezi. Malamulo a dziko a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma pulojekiti ya sayansi kapena jogalafe imalembedwabe m'Chingerezi. Ngati phunzirolo ndi la Chingerezi, galamala ndi luso loyezedwa, ichongeni mosanyengerera. Ngati ndi la jogalafe, chilankhulo chikhale ndi gawo lake limodzi looneka, ndipo chisazembere m'magawo ena.

Chizindikiro china chapafupi ndi ichi ndi pamene magawo onse a pepala limodzi akuyendera limodzi, 4, 4, 4, 4 kapena 2, 2, 2, 2, pa mapepala pafupifupi onse. Edward Thorndike anafotokoza khalidweli mu 1920: munthu akakopeka ndi mbali imodzi ya chinthu, mbali zina zonse amaziona zowala. Tsamba loyamba lokongola limakoka malikisi a masamba otsatira. Yesani kuchonga gawo limodzi pa mapepala onse 12, musakanize mapepalawo, kenako muyambe gawo lachiwiri. Ngati manambala ayamba kusiyana, vuto linali kachongedwe. Ngati magawo awiri akumamatiranabe, ndiye kuti akufunsa chinthu chimodzi, aphatikizeni.

Kukonza

Sinthani mawu okhawo amene mapepala akuwatsutsa, ndipo pa kusintha kulikonse lembani nambala ya pepala limene lakuchititsani. Izi zimaletsa msonkhano kusanduka wa aliyense kulowetsa mawu amene amawakonda.

M'chitsanzo chathu, gawo la vuto tsopano likufunsa ngati mwana wanena malo, anthu okhudzidwa ndi nthawi imene vuto limachitika. Gawo la umboni lakwera kufika pa malikisi 6, ndipo silikuwerenganso magwero: zokopera m'mabuku ndi pa intaneti zokha sizipitirira 2, pomwe malikisi apamwamba akufuna zimene mwana anawerenga, anayeza kapena anafunsa yekha, atanena kuti anachita liti ndiponso motani. Yankho lifike pa 3 kapena 4 pokhapokha ngati likuloza ku chinthu chimene chapezeka mu kafukufukuyo. Kaonekedwe katsika kufika pa 2, ndipo kakufunsa ngati ntchito ikuwerengeka ndi kutsatika, yotayipa kapena yapamanja. Pansi pa mlozo pawonjezedwa mzere wouza wochonga kuti zolakwika za galamala zisachotsetse malikisi m'magawo anayi oyamba ngati tanthauzo likumveka. Onse pamodzi akadali 20.

Mukachonganso, pepala 4 likupeza 3, 1, 2, 2, 2, onse pamodzi 10. Pepala 9 likupeza 3, 5, 3, 3, 1, onse pamodzi 15. Musasangalale msanga. Mlozo watsopanowu mwausoka poyang'ana mapepala awiri omwewa, ndiye n'zosadabwitsa kuti ukuwakwana. Komanso anthu atatu amene akhala masana onse akukambirana amagwirizana chifukwa cha zokambiranazo, osati chifukwa cha zolembedwa. Chimene chili m'mitu mwawo sichidzafika kwa mphunzitsi wa kalasi ina amene adzangolandira pepala la mlozo.

Choncho ulendo wachiwiri ukhale ndi mapepala atsopano, asanu ndi atatu kapena khumi, ndi wochonga mmodzi amene sanali nawo pa zokambirana. Mupatseni mlozo wokha, musamufotokozere kanthu. Funso lililonse limene afunse ndi dzenje lomwe latsala. Akafunsa kuti, "Nanga amayi, mwana akafunsa anthu awiri okha, amake ndi azakhali ake, ndi umboni wakewake umenewo?", musamuyankhe pakamwa pokha. Gwirizanani yankho, mulilembe mu mlozo.

Yang'ananinso ngati kukonzako sikunabale vuto lina. Mukakweza malikisi a umboni wodzipezera, ana ena adzayamba kupeka manambala, mabanja makumi asanu amene sanawafunse. Ndi bwino kufuna kuti kope la kumunda liperekedwe limodzi ndi pulojekiti, ndi masiku ake, ngakhale lili lakuda ndi fumbi. Mlozo sungagwire bodza pawokha, koma mafunso awiri apakamwa kwa mwanayo amaligwira.

Ulendo wachiwiri ukayenda bwino, sungani pepala limodzi kapena awiri pa mulingo uliwonse wa magawo ovuta, mayina atachotsedwa, ndi mzere wofotokoza chifukwa chake linapeza malikisiwo. Mawu a mlozo amatanuka pakapita miyezi, wochonga akatopa kapena akafika pa pepala la 80, ndipo zitsanzo zimenezi ndi zimene zimamubwezera pamzere.

Pomwe kukonza mlozo sikuthandiza

Nthawi zina mumakonza kawiri, katatu, gawo limodzi n'kumakanabe: palibe mwana amene akufika pa 4 pa kusanthula. Musanachepetse zofuna za mulingowo, werengani malangizo amene ana anapatsidwa. Ngati ankati "fotokozani vuto la madzi m'dera lanu", ana afotokoza, ndipo achita zimene anauzidwa. Simungachonge kusanthula kumene simunapemphe. Pamenepo chofunika kukonza ndi funso, kapena kaphunzitsidwe, ndipo mlozo ulibe mlandu.

Nthawi yochitira zonsezi ndi ana asanalandire ntchito. Ngati munawapatsa kale mlozo wakale, n'kugwira ntchito motsatira iwo, si chilungamo kuwachonga ndi watsopano umene sanauone. Mwana wa pepala 4 anachita zimene mlozo unamuuza kuti zili ndi malikisi, ndipo makolo ake analipira kusindikiza pokhulupirira zomwezo. Kwa gulu limenelo mukhoza kumveketsa mawu osamveka kuti ochonga afanane, koma kusuntha malikisi kuchoka gawo lina kupita lina kudikire gulu lotsatira, ndipo mutu wa dipatimenti adziwe kuti malikisi a chaka chino a pulojekitiyi akunena zambiri za kalembedwe kuposa za kafukufuku.